Mtengo wa dola wa miyezi itatu ikubwerayi: kumene banki imautenga, ndi momwe woitanitsa katundu angauyesere

Wamalonda amene amaitanitsa katundu kunja amakhala ndi ngongole yovuta kuiwerengera. Amadziwa madola amene adzalipire ndiponso tsiku lolipira, koma sadziwa makwacha amene adzatuluke m'thumba mwake pa tsikulo. Katundu amamugulitsa m'makwacha, mwina mpaka kutha ndithu invoisi isanakwane nthawi yake, ndipo dola ikakwera pakatipa phindu lonse limathera ku banki. Amene anali ndi ngongole za madola mu Novembala 2023 akudziwa ululu wake. Banki yayikulu ya Reserve inasuntha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo amene amayembekezera kulipira K59 miliyoni pa invoisi ya madola 50,000 anadzuka m'mawa akufunika K85 miliyoni.

Njira imodzi yodzitetezera ndi mgwirizano umene a ku banki amautcha fowadi. Inu ndi banki mumagwirizana lero mtengo umene mudzagulire madola pa tsiku lakutilakuti. Madolawo simuwalipira lero, ndipo simuwalandira lero. Tsiku likafika mumapereka makwacha, banki n'kupereka madola pa mtengo munagwirizana uja, kaya pa msika dola yakwera kaya yatsika. Anthu ambiri akamva mtengo wa fowadi amaganiza kuti a ku banki alosera kumene kwacha ikupita, mwina ali ndi chinsinsi chochokera kwa akuluakulu. Si choncho ayi. Mtengowu umachokera ku zinthu zitatu zimene zikudziwika kale lero: mtengo wa dola wa lero, chiwongoladzanja cha kwacha, ndi chiwongoladzanja cha dola. Munthu aliyense wokhala ndi chowerengera cha pa foni angathe kuupeza, ndipo ndikuona kuti aliyense woitanitsa katundu ayenera kuupeza yekha asanasayine pepala lililonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongoyerekezera, inu mudzaikapo anu a tsiku limenelo. Kampani ina ya ku Limbe yaitanitsa zipangizo za njinga zamoto kuchokera ku India. Invoisi ndi ya madola 50,000, yolipira pakatha masiku 90. Lero banki ikugulitsa dola pa K1,750. Mtengo wa lerowu ndi umene amautcha sipoti. Banki ikabwereka makwacha kwa masiku 90 imalipira chiwongoladzanja cha 24 peresenti pa chaka, ndipo ikasungitsa madola kwa masiku omwewo imalandira 4 peresenti pa chaka.

Ganizirani ngati inuyo ndinu a banki, ndipo mwalonjeza kampaniyi madola 50,000 pakatha masiku 90. Simukufuna kuchita juga ndi kwacha. Njira yotsimikizika ndi yogula madolawo lero lomwe n'kuwasunga. Komabe simufunika kugula onse 50,000, chifukwa madola osungitsidwa amabereka. Pa 4 peresenti pa chaka, masiku 90 amabereka 1 peresenti, choncho mukagula madola 49,504.95 lero, pofika tsikulo adzakhala atakwana 50,000 ndendende. Pa K1,750, madola amenewa akufuna K86,633,663.

Makwacha amenewa kampani sinakupatsenibe, idzakupatsani pakatha masiku 90. Ndiye kuti muyenera kuwabwereka, kapena kuwachotsa kumene akanabereka chiwongoladzanja, zomwe ndi chimodzimodzi. Pa 24 peresenti pa chaka, chiwongoladzanja cha masiku 90 pa ndalama imeneyi ndi K5,126,814. Pa tsiku lolipira ngongole yanu yakwana K91,760,477. Ndalama imeneyi ndi imene kampani iyenera kukupatsani kuti musaluze ngakhale kupindula. Mukaigawa ndi madola 50,000, dola imodzi ikubwera pa K1,835.21. Mtengo wa fowadi ndi umenewo.

Zili ngati wogula chimanga nthawi yokolola amene walonjeza kudzakugulitsani thumba mu Januwale. Ngati wagula thumbalo lero n'kulisunga, mtengo wake ndi wa lero kuphatikiza zimene wawononga posunga, ndipo njala ya mu Januwale alibe nayo ntchito chifukwa chimanga ali nacho kale. Pa ndalama, chowonongeka posunga ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja cha ndalama imene mwabwereka ndi cha ndalama imene mwasunga.

Masitepe onsewa amalembedwa mu mzere umodzi:

```
F = S × (1 + rK × d/365) / (1 + rD × d/360)
F = 1750 × (1 + 0.24 × 90/365) / (1 + 0.04 × 90/360)
F = 1835.21
```

Apa F ndi mtengo wa fowadi, S ndi mtengo wa lero, rK ndi chiwongoladzanja cha kwacha, rD ndi cha dola, ndipo d ndi masiku. Mwaona kuti pansi pali 360 pomwe pamwamba pali 365. Pa misika ya ndalama chiwongoladzanja cha dola ya ku America chimawerengedwa ngati chaka chili ndi masiku 360, pomwe cha paundi ya ku Britain ndi randi ya ku South Africa chimawerengedwa ndi 365. M'chitsanzo chathu kwacha taiwerengera 365. Kusiyana kumene kumabwera chifukwa cha masikuwa n'kochepa, koma mukafuna kuti nambala yanu ifanane ndi ya banki, afunseni kuti akugwiritsa ntchito iti.

Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi kutembenuza fomulayi, kuika dola pamwamba ndi kwacha pansi. Chokumbukira ndi ichi: ngati mtengo ukunenedwa kuti makwacha akutiakuti pa dola imodzi, chiwongoladzanja cha kwacha chimakhala pamwamba. Mutha kudziyesanso mwachidule. Ndalama ya chiwongoladzanja chokwera imakhala yotsika mphamvu pa fowadi, choncho mukapeza mtengo wa fowadi wa dola wochepera mtengo wa lero pomwe chiwongoladzanja cha kwacha chili pamwamba, dziwani kuti mwatembenuza. Kuwerengera kwa m'mutu kumathandizanso: 24 kuchotsa 4 ndi 20 peresenti pa chaka, miyezi itatu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a chaka, ndiye 5 peresenti. K1,750 kuwonjezera 5 peresenti ndi K1,837.50, pafupi kwambiri ndi yankho lenileni.

N'chifukwa chiyani mtengo sungapatuke kwambiri pa nambala imeneyi? Tinene kuti banki ina yagulitsa fowadi motsika, pa K1,780. Munthu amene ali ndi madola 49,504.95 angawagulitse lero, makwachawo n'kuwasungitsa pa 24 peresenti, nthawi yomweyo n'kusayina fowadi yodzagulanso madola pa K1,780. Pakatha masiku 90 ali ndi K91,760,477, zimene zikumugulira madola 51,550. Akanangosunga madola ake akanakhala ndi 50,000. Wapeza madola 1,550 popanda chiopsezo chilichonse, ndipo aliyense wokhala ndi madola angathamangire komweko mpaka bankiyo itakweza mtengo. Fowadi ikakwera kwambiri zimachitika mobwerera: anthu amabwereka makwacha, kugula madola lero, n'kuwagulitsa pa fowadi yokwerayo mpaka mtengo utatsika. Kukokana kumeneku ndi kumene akatswiri a zachuma amakutcha pariti ya chiwongoladzanja, kutanthauza kuti kusunga kwacha ndi kusunga dola yotetezedwa ndi fowadi ziyenera kubereka mofanana. Pa ndalama monga randi, yuro kapena paundi, zimene zimagulidwa ndi kugulitsidwa momasuka tsiku lililonse, mitengo ya fowadi imakhala pafupi kwambiri ndi fomulayi. Ngakhale kumeneko, kuyambira pa mavuto a zachuma a mu 2008 pamakhala kampata kakang'ono, chifukwa kubwereka madola kumavutirapo ndipo mabanki ali ndi malire pa kuchuluka kwa malonda otere amene angachite.

Tsopano tibwere kwathu kuno, pamene nkhaniyi imalemera. Bwererani ku sitepe yoyamba ija: banki igule madola lero pa K1,750. Fomula yonse yatsamira pa sitepe imeneyi. Ngati madola akusowa, ndipo pa mtengo wovomerezekawo palibe amene akugulitsa, S ya mu fomula ndi nambala yolembedwa pa bolodi chabe. Banki singagule madola n'kuwasunga, choncho lonjezo lake lakhala kubetcha kuti idzawapeza m'tsogolo, mwina kwa ogulitsa fodya, tiyi kapena shuga kunja, kapenanso kwa mabungwe olandira thandizo. Banki ikafika pamenepa imachita chimodzi mwa zinthu zitatu: imakana kupereka fowadi, imapereka ya masiku ochepa ndi ndalama yochepa, kapena imatchula mtengo wokwera kwambiri kuposa wa fomula. Ndipo anthu aja amene akanabwereka makwacha n'kugula madola lero kuti mtengo utsike sangathe kutero, chifukwa madolawo kulibe, komanso malamulo a ndalama zakunja salola kugula madola popanda chifukwa chovomerezeka ndi mapepala ake.

Fomula imagwirabe ntchito ngakhale zinthu zili choncho, kungoti mumaiyendetsa chobwerera kuti muone chimene chabisala mu mtengo mwapatsidwawo. Tinene kuti banki yakuuzani K1,850. Gawani 1,850 ndi 1,750, chulukitsani ndi 1.01 ya dola ija, chotsanipo 1, kenako chulukitsani ndi 365 n'kugawa ndi 90.

```
rK = (F/S × (1 + rD × d/360) − 1) × 365/d
```

Yankho ndi 27.5 peresenti. Ndiye kuti banki ikukulipiritsani ngati kuti kwacha ikubwerekedwa pa 27.5 peresenti m'malo mwa 24. Kusiyanako, komwe ndi pafupifupi K15 pa dola, ndi phindu la banki ndi malipiro a chiopsezo choti inu mungalephere kulipira. Pamenepo mungathe kunenerera, koma si mtengo wodabwitsa. Koma banki ikanena K2,100, masamu omwewo akupereka 86 peresenti, ndipo palibe banki imene ikubwereka makwacha pa chiwongoladzanja chotero. Chimene nambala imeneyi ikukuuzani ndi chakuti mtengo wa lero umene banki ikuwerengera si K1,750. Gawani 2,100 ndi 1.0487, komwe ndi kukwera kumene chiwongoladzanja chokha chimabweretsa, ndipo mupeza pafupifupi K2,002. Pamenepo ndi pamene bankiyo ikuona kuti dola ingapezeke lero, kapena yaikamo mantha oti kwacha itsitsidwa mphamvu masiku 90 asanathe. Kudziwa zimenezi sikutsitsa mtengo, koma kumakuthandizani kuzindikira chimene mukugula. Pa K1,850 mukulipira nthawi. Pa K2,100 mukulipira kupezeka kwa madola, ndipo funso loyenera kufunsa a banki likhala lina: kodi pa tsikulo madola enieni adzapita kwa wogulitsa katundu wanga? Pali migwirizano ina imene banki imangokupatsani kusiyana kwa mitengo m'makwacha, osapereka dola ngakhale imodzi. Mgwirizano wotero umateteza thumba lanu dola ikakwera, koma mudzakhalabe pa mzere wodikira madola pomwe wa ku India akukuimbirani foni. Onetsetsani kuti pepala likunena momveka kuti madola adzaperekedwa, ndipo funsani malamulo a banki ya Reserve amene akugwira ntchito pa mafowadi nthawi imeneyo, chifukwa amasinthasintha.

Chiwongoladzanja cha banki sindicho chanu, ndipo apa ndi pamene wamalonda ayenera kukhala pansi ndi cholembera. Fowadi ili ndi mnzake wopikisana naye, komwe ndi kulipira invoisi lero lomwe ngati madola mungawapeze. Njira iti ili yotchipa zimadalira kuti makwacha anu akukuwonongerani zingati.

Ngati kampani ya ku Limbe ija ilibe ndalama ndipo iyenera kubwereka pa 32 peresenti, kulipira lero kukutanthauza K1,750 kuphatikiza chiwongoladzanja cha masiku 90, zomwe zikukwana K1,888 pa dola. Fowadi ya K1,850 ndi yotchipa ndi K38 pa dola, kapena K1.9 miliyoni pa invoisi yonse. Koma wogulitsa wa ku India akanena kuti achotsa 2 peresenti mukalipira lero, K1,888 ija ikutsika kufika pa K1,850, ndipo njira ziwirizi zafanana. Akachotsa 3 peresenti, kubwereka n'kulipira lero kwapambana.

Ngati kampaniyo ili ndi makwacha ake amene angokhala mu akaunti yobereka 12 peresenti, nkhani yasinthiratu. Kulipira lero kukuitayitsa chiwongoladzanja chochepa chokhacho, ndipo dola ikubwera pa K1,802. Apa fowadi ya K1,850 ndi yodula ngakhale wogulitsa asachotse kalikonse. Mtengo umodzi womwewo ndi wabwino kwa kampani yobwereka ndi woipa kwa kampani yokhala ndi ndalama. Chokhacho chofunika kuchiyeza pa kulipira msanga ndi chakuti ndalama yapita katundu asanafike, ndipo ngati wogulitsa simukumudziwa bwino, chiopsezo chimenecho chingapose K48 pa dola imene mwapulumutsa.

Musaiwale chikole. Banki nthawi zambiri imafuna kuti pakhale chogwira, kaya malire a ngongole amene muli nawo kale, kaya ndalama yoikiratu pambali. Ikafuna 20 peresenti ya K92,500,000, yomwe ndi madola 50,000 pa K1,850, ndiye kuti K18,500,000 yamangika kwa masiku 90. Ngati ndalama imeneyo mwabwereka pa 32 peresenti ndipo sikubereka kalikonse kumene yaikidwako, yakuwonongerani pafupifupi K1,460,000, komwe ndi K29 pa dola iliyonse. Fowadi yanu ya K1,850 yasanduka K1,879, ndipo mpata uja wa K38 watsala K9 yokha. Funsani ngati chikole chikubereka chiwongoladzanja, ndipo muwerengere zonse pamodzi.

Tsiku lolipira likafika, pali zinthu ziwiri zimene zingachitike, ndipo zonse muyenera kuzivomereza mumtima musanasayine. Dola ikakhala idakali pa K1,750, mulipira K92,500,000 pomwe mnzanu amene sanatenge fowadi alipira K87,500,000. Mwalipira K5 miliyoni kuposa mnzanuyo, ndipo simungathawe, chifukwa fowadi ndi lonjezo lomanga mbali zonse ziwiri. Izi zimachitika kawirikawiri kumene mtengo wovomerezeka umagwiridwa malo amodzi kwa miyezi yambiri. Koma kwacha ikatsitsidwa ngati mu 2023, dola n'kukwera ndi 44 peresenti kufika pa K2,520, mnzanu uja akufunika K126,000,000 pomwe inu mukulipira K92,500,000 yomwe ija. Kwacha ya Malawi yakhala ikuyenda motero: imakhala chete nthawi yayitali kenako n'kugwa tsiku limodzi, monga mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 pamene inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023. Munthu woweruza fowadi poyang'ana invoisi imodzi yokha adzaona ngati anataya ndalama pachabe. Ine ndimaona kuti funso loyenera ndi lakuti bizinesi ingapirire iti pakati pa kutaya K5 miliyoni kangapo ndi kutaya K33.5 miliyoni kamodzi. Kampani yaying'ono imene mpamba wake wonse uli mu kontena imodzi yachiwiriyo singaipirire.

Vuto limene limagwera anthu ambiri ndi la masiku. Invoisi zina zimawerenga masiku 90 kuchokera tsiku limene katundu wakwezedwa m'sitima, osati tsiku limene invoisi inalembedwa. Katundu akachedwa kunyamuka, tsiku lolipira limasuntha, koma la fowadi silisuntha. Tinene kuti mukufuna kuwonjezera masiku 30, ndipo dola idakali pa K1,750. Kawirikawiri banki imatseka mgwirizano wakale pa mtengo wa tsikulo: mumagula madola pa K1,850 monga munalonjezera, n'kuwagulitsanso kwa banki pa mtengo wa lero, ndipo kusiyana kwa pafupifupi K5 miliyoni kumachoka mu akaunti yanu nthawi yomweyo. Kenako mumasayina fowadi yatsopano ya masiku 30, imene fomula yathu ikuiika pa K1,778.59 banki isanaikepo phindu lake. Mukaphatikiza zonse, chowonjezereka ndi mtengo wa mwezi umodzi wokha, koma K5 miliyoni ija ikufunika katundu asanafike n'komwe, ndipo bizinesi imene sinakonzekere imatsamwa pomwepo. Oda ikathetsedwa ndiye zimapweteka kwambiri, chifukwa mwatsala ndi lonjezo logula madola amene simukuwafunanso, ndipo kusiyana kwa mitengo mudzalipira kapena kulandira malinga ndi kumene dola ili. N'chifukwa chake ndi bwino kusayina fowadi tsiku lolipira litatsimikizika, kapena kufunsa ngati banki ili ndi mgwirizano wolola kutenga madola tsiku lililonse pakati pa masiku awiri otchulidwa. Mtundu umenewu banki imauwerengera pa tsiku limene lili lodula kwa inu, lomwe pa kwacha ndi tsiku lomaliza.

Mukasayina, mtengo wa katundu wanu pa shelefu muuwerengere pa K1,850 kapena K1,879 ija, osati pa K1,750 ya tsiku limene munaitanitsa. Kusiyanako ndi gawo la mtengo wogulira katundu, chimodzimodzi ndi ndalama ya mayendedwe kuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Ndipo fowadi yateteza invoisi yokha. Msonkho wa pa chipata a MRA amauwerengera m'makwacha pa mtengo wa dola wa nthawi imene katundu akulowa m'dziko, choncho kwacha ikagwa kontena ili m'njira, msonkho ukwera ngakhale invoisi yanu ili yotetezedwa. Chimodzimodzinso malipiro a sitima ndi a pa doko ngati ali m'madola ndipo simunawaike mu mgwirizano. Musanapite ku banki, lembani ndalama zonse za oda imeneyo zimene zimayenda ndi dola pamodzi ndi masiku ake olipira. Zimene mudzalipire m'madola enieni mungapemphe kuti zilowe mu fowadi, pomwe msonkho, poti umalipidwa m'makwacha, muusiyire mpata mu mtengo wogulitsira.